Ndithandizeni chidziwitso cha ntchito ndisanakachimate pa geti

Mayi a Wongani: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi hadiweya ku Luwinga ndipo ndikufuna munthu wosunga sitoko. Amene analipo ndinamuchotsa mwezi watha titawerenga simenti n'kupeza kuti matumba 14 sakuoneka. Chidziwitso ndalemba chonchi:

"PAKUFUNIKA mnyamata wosunga sitoko. Akhale wa zaka 22 mpaka 30, wosakwatira, Mtumbuka, Mkhristu woopa Mulungu, wamphamvu ndi wopanda chilema, wa MSCE. Ntchito: kusunga sitoko ndi zina zonse zimene angauzidwe. Bweretsani kalata ndi chithunzi chanu."

Mwana wanga wachiwerenga n'kunena kuti amayi mukafika nacho ku leba chimenechi. Ine sindikuona cholakwika, ndangolemba munthu amene ndikumufuna. Amene mukudziwa za zimenezi ndiuzeni.

Gift wa kabaza: Mayi ine ndili ndi zaka 26, MSCE ndili nayo, ndimakhala ku Chiputula. Kalata ndibweretse liti?

NyaMhango: Gift dikira kaye, ntchito siinatuluke, akufunsa kalembedwe. Koma mayi, shopu ndi yanu, ndalama zolipira ndi zanu. Malamulo a tsankhowo ndi a m'boma ndi m'makampani akuluakulu. Ine ku saluni kwanga ndimalemba kuti ndikufuna mtsikana, palibe anabwerapo kudzandifunsa.

Bambo a Tadala: NyaMhango, kuti sanabwere kudzakufunsani sizikutanthauza kuti lamulo silikukukhudzani. Ndagwira zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndiye ndiyankhepo. Lamulo la ntchito la 2000, gawo 5, limaletsa kusala munthu wapantchito ngakhalenso amene akungofunsira kumene. Limatchula mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, dziko kapena fuko lochokera, ulumali, chuma, kubadwa, kukhala pa banja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Silinena kuti olemba ntchito aang'ono musadere nkhawa. Hadiweya ya anthu anayi ili momwemo. Ndipo limatchula kulemba ntchito penipeni, ndiye kuti mlandu ukhoza kuyambira pa pepala lomata pa getilo munthu asanalowe n'komwe mu intavyu.

Koma mayi, ndisanafike ku leba, tawerengani chidziwitso chanucho ngati ndinu wofuna ntchito. Za munthuyo mwanenapo zinthu zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Za ntchito mwanena mawu awiri, "kusunga sitoko". Ndifunse: munthu ameneyu akafika m'mawa amachita chiyani, mpaka kutseka? Fotokozani ngati mukuuza m'bale wanu amene akudzakugwirirani tsiku limodzi inu mutapita ku maliro.

Mayi a Wongani: Chabwino bambo. Timatsegula 7:30. Iye amatsegula chipinda cha kuseri kumene kumakhala simenti, malata, mapaipi, penti ndi zitsulo. Lole ikabwera, nthawi zambiri kawiri pa sabata, amawerenga katundu akutsika n'kuyerekeza ndi pepala limene dalaivala wabweretsa. Zikasiyana asasaine, andiitane. Kenako amalemba pa makhadi a sitoko, katundu aliyense ali ndi khadi yake, mitundu yonse ikukwana ngati 300. Kasitomala akalipira kutsogolo amabwera ndi risiti kuseri, iye amatulutsa katundu malinga ndi risitiyo n'kuchotsera pa khadi. Loweruka timawerenga simenti, malata ndi penti chifukwa ndi zimene zimayenda kwambiri. Kumapeto kwa mwezi timawerenga zonse. Timatseka 4:30, Loweruka 12:30.

Bambo a Tadala: Basi, chidziwitso chanu ndi chimenechi, mwalemba kale osadziwa. Tsopano funso limodzi: simenti amanyamula ndani?

Mayi a Wongani: Aganyu. Ndili ndi anyamata awiri amene amatsitsa ndi kukweza. Wa sitoko amaima ndi cholembera kumawerenga. Akayamba kunyamula naye ndiye kuti palibe akuwerenga, mpamene zinthu zimasowera.

Bambo a Tadala: Ndiye "mnyamata", "wamphamvu" ndi "wopanda chilema" mwazilemberanji, pamene inu nomwe simukufuna kuti anyamule? Sindikukunyozani mayi, ambiri timatero. Timalemba chithunzi cha munthu amene tinamuzolowera pa mpandopo. Munthu amene mukufuna ndi wa maso akuthwa pa manambala ndi wotha kukana dalaivala amene akumufulumizitsa kusaina. Ameneyo akhoza kukhala mayi wa zaka 45.

Zikanakhala kuti ntchitoyo ndi yonyamuladi, mukanalemba kulemera kwake: "ntchitoyi imafuna kunyamula matumba a makilogalamu 50 kangapo pa tsiku". Wowerenga amadziyesa yekha. Mwamuna wa msana wovuta sabwera, mkazi amene amasenza matumba a chimanga ku msika wa Mzuzu akafuna abwera, inu mudzamuyesa pa thumba lenileni.

Chikondi wa ku Chibavi: Nkhani ya chilemayi yandikhudza. Ine ndimayenda ndi ndodo, mwendo wamanzere unafooka ndili mwana. Ndili ndi satifiketi ya akawunti ndipo ndinasungapo sitoko ya mankhwala a ziweto zaka zitatu, sikunasowepo ngakhale botolo. Ndikaona mawu oti "wathanzi" kapena "wopanda chilema" sindilemba n'komwe kalata, ndimadziwa kuti ndikungotaya ndalama ya fotokope. Chimene chimandithandiza ine ndi chidziwitso chonena zoona za malowo. Ngati pali makwerero okwera pa mashelefu a m'mwamba, nenani. Ngati munthu amaima ola lonse lole ikutsitsa, nenani. Ndikawerenga ndidziwa ndekha chimene ndingathe ndi chimene tingakambirane.

Mayi a Wongani: Pepani achimwene, sindinaganize mpaka pamenepo. Makwerero alipo, penti ndi mapaipi ang'onoang'ono zimakhala pa mashelefu a m'mwamba. Koma amakwera ndi aganyu omwewo, kupatula tsiku lowerenga zonse.

Chikondi wa ku Chibavi: Ndiye tsiku limenelo waganyu akwere azitsitsa, wa sitoko aziwerenga pansi. Kwathu kuja tinkatero. Zinali bwinonso chifukwa owerenga amakhala awiri.

Aphunzitsi opuma: Ine ndakalamba, mundikhululukire, koma pa "woopa Mulungu" ndili ku mbali ya mayiwa. Abedwa matumba 14. Kodi munthu asanene kuti akufuna wokhulupirika? Masiku ano chilichonse chasanduka tsankho. Kale tinkafunsa kalata ya abusa ndipo zinthu zinkayenda.

NyaMhango: Aphunzitsi, amene anandibera makina ometera anali wa kwaya.

Mayi a Wongani: Musandiseketse. Wanga uja nayenso ankatsogolera mapemphero a m'mawa pa shopu.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi, kufuna munthu wokhulupirika palibe akuletsa. Vuto ndi mawu oti "Mkhristu", chifukwa chipembedzo chili pa mndandanda wa gawo 5 uja. Msilamu wa ku Nkhotakota amene akukhala kuno, wodziwa sitoko bwinobwino, mwamutsekera pa chifukwa chosakhudza simenti. "Woopa Mulungu" payekha ndi mawu ofewerapo, koma wowerenga amamva kuti akafunsidwa za mpingo, ndipo kwa mayiwa sawatetezera thumba ngakhale limodzi, poti palibe wakuba amene amalemba m'kalata kuti ine sindiopa Mulungu.

Chimene chimateteza katundu ndi zinthu zotheka kuzifufuza. Pemphani maina ndi manambala a anthu awiri amene anamuyang'anirapo pa ntchito, ndipo muwaimbiredi foni, osangosunga pepalalo. Funso lake likhale lolunjika: ankasunga katundu wanji, powerenga zinkakwana, anachoka bwanji, mungamulembenso? Amene mwamusankha mukhoza kumupempha kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mbiri ya milandu. Muzipempha kwa wosankhidwa yekha, osati onse ofunsira, chifukwa imalipiridwa ndipo mungakhale mukudyera ndalama anthu makumi angapo osagwira ntchito. Kalata ya abusa wofunsira akabweretsa yekha ngati umboni wa khalidwe, landirani, chimodzimodzi ya shehe kapena ya mfumu. Chosayenera ndi inu kulamula kuti ikhale ya abusa.

Chinanso, lembani m'chidziwitso momwemo kuti katundu amawerengedwa Loweruka lililonse pamodzi ndi mwini shopu. Wa zala zazitali akaona zimenezo amadutsa yekha.

Aphunzitsi opuma: Nanga mpingo ukafuna mlaliki ulembe kuti aliyense abwere?

Bambo a Tadala: Pamenepo chikhulupiriro ndiye ntchito yakeyo, munthu sangalalikire chimene sakhulupirira. Koma mpingo womwewo ukafuna dalaivala wa galimoto ya chipatala chake nkhani yasintha kale. Simenti ya mayiwa ilibe mpingo.

Anaphiri: Ine ndikufuna tifike pa "Mtumbuka". Kwathu ndi ku Dedza, ndinabwera kuno ndi banja zaka 11 zapitazo, ndimakhala ku Zolozolo. Chitumbuka ndimalankhula mpaka anthu sakhulupirira kuti ndine wa ku Dedza. Chaka china ndinafunsira ntchito yogulitsa m'shopu ina m'tauni, intavyu yonse tinachita m'Chitumbuka, zinkayenda bwino. Kumapeto bwana anafunsa kuti kumudzi ndi kuti. Nditati Dedza, nkhope inasintha. Anati tikuimbirani. Mpaka lero foni ikulira.

Mayi a Wongani: Asisi, ine sindidana ndi anthu a kumwera kapena a pakati, aganyu anga mmodzi ndi wa ku Mulanje. Koma makasitomala anga ambiri ndi amisiri ndi anthu ochokera ku Ekwendeni, ku Rumphi, ku Mpherembe. Gogo wagulitsa fodya wabwera kudzagula malata 30, akufuna afunse za geji ndi kutalika m'chilankhulo chake. Wa sitoko akamuyankha movutikira, gogoyo amapita kwa oyandikana nawo.

Anaphiri: Ndiye mukufuna wolankhula Chitumbuka. Ineyo ndimalankhula. Koma pa pepala lanulo ndagwa kale.

Bambo a Tadala: Anaphiri anena zonse. "Mtumbuka" ndi fuko, munthu sangaliphunzire. "Wotha kuthandiza makasitomala m'Chitumbuka ndi m'Chichewa" ndi luso, ndipo mukhoza kuliyesa mu intavyu mphindi zitatu: mmodzi wa inu akhale kasitomala wofunsa malata, muone ngati akumvana. Onaninso mbali inayo. Pali ana a Chitumbuka okulira ku Area 25 ku Lilongwe amene kupitirira moni sangathe. Pa chidziwitso chanu choyamba iwowo akhoza, Anaphiri alephera. Mwasankha mosemphana ndi chosowa chanu.

Koma ndichenjeze, chifukwa apa pamaterera. Chilankhulo nacho chili pa mndandanda wa gawo 5. Ndiye kungosintha "Mtumbuka" kukhala "wolankhula Chitumbuka" sikukutsukani kokha. Muyenera kutha kusonyeza kuti ntchitoyo imafunadi chilankhulocho. Wogulitsa kutsogolo amene amalankhula ndi makasitomala tsiku lonse, chifukwa chake chikuoneka. Wa sitoko wa kuseri, amene mwanena kuti amalandira risiti n'kutulutsa katundu, ndingafunse kuti amalankhula nawo kwambiri bwanji. Ngati n'pang'ono, ine ndingachiike pa zongowonjezera mwayi, osati pa zofunika.

Mayi a Wongani: Amalankhula nawo ndithu. Mkangano wambiri umachitikira kuseri komweko. Munthu walipira malata a mafiti 10 koma akufuna atenge a 12, kapena akuti thumba ili lauma ndisinthireni.

NyaMhango: Koma kuno ku Mzuzu ndani samva Chichewa? Tonse pano tikulemba Chichewa.

Aphunzitsi opuma: Kumva ndi kwina, kukangana za ndalama zako ndi kwina, mwana wanga. Munthu akapsa mtima amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Ndipo a ku Nkhata Bay nawo adzati bwanji Chitonga mwachisiya.

Bambo a Tadala: Ndiye mayi ndinu mudziwe, poti mumaima pamenepo ndinu. Mukachiika pa zofunika, lembani chifukwa chake pa mzere womwewo, kuti wowerenga aone kuti n'cha makasitomala osati cha fuko. Ine ndekha ndikanachisiya pa zowonjezera, chifukwa wodziwa makhadi a sitoko bwino ndi wosowa kuposa wodziwa Chitumbuka mumzinda uno, ndipo wa kutsogolo ali pafupi mkangano ukabuka.

Gift wa kabaza: Nanga zaka? Ine zaka zanga zikulowa bwinobwino, musachotse.

Mlongo wa ku Masasa: Gift iwe ukudziganizira wekha. Ine ndimadziwa kuti lamulo limaletsa kutchula zaka, komanso limaletsa kufunsa zaka zimene munthu wagwirapo ntchito chifukwa zimasala achinyamata. Ndipo pali lamulo la 40 ndi 60, loti amayi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Mayi ngati antchito anu onse ndi amuna, mukuyenera kulemba kuti ntchitoyi ndi ya mkazi.

Bambo a Tadala: Mlongo, mwaphatikiza zinthu zitatu, tizilekanitse. Za 40 ndi 60 zilipodi, zili m'lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, koma gawo limenelo likunena za kulemba anthu ntchito m'boma. Hadiweya ya ku Luwinga silikuikakamiza. Mayiwa akalemba kuti "akazi okha" pa ntchito ya sitoko, achoka m'dzenje lina kulowa lina. Chimene angachite ndi mzere uja mumauona m'nyuzi, woti amayi ndi anthu aulumali akulimbikitsidwa kufunsira. Umenewo sutsekera munthu, ndipo gawo 5 lomwelo limalola njira zofuna kutukula anthu amene akhala akutsalira.

Kufunsa kuti munthu anagwirapo ntchito yotereyi sikoletsedwa. Chofunika ndi kusakokomeza. Makhadi a sitoko munthu wa masamu abwino amawadziwa m'miyezi yochepa, ndiye kulemba zaka 5 n'kungothamangitsa anthu pachabe. Chaka chimodzi chikwana.

Za zaka zobadwa, mawu oti msinkhu sali pa mndandanda uja mwachindunji, koma mndandandawo uli ndi mawu otsegula okhudza mkhalidwe wina uliwonse wa munthu, chimodzimodzi gawo 20 la malamulo aakulu a dziko. Ndiye sindingauze munthu kuti lembani mopanda mantha. Funso langa ndi lomwe lija: wa zaka 31 walephera chiyani chimene wa zaka 30 akutha? Malire amene ali ndi chifukwa ndi a pansi. Mukhoza kunena kuti akhale wa zaka 18 kapena kuposa, poti akusainira katundu wa ndalama zambiri.

Mayi a Wongani: Ndinene zoona pa zaka ndi pa "wosakwatira". Wamkulu amavuta kumutuma, makamaka ine mzimayi. Ndipo wa banja malipiro anga samukwana, mwezi usanathe wayamba kupempha ngongole, mwana wadwala, apongozi abwera. Mkazi ndiye ndimaopa kuti miyezi isanu wayembekezera, ine ndiyambenso kufuna wina.

Anaphiri: Mayi, inunso munabereka Wongani mukugwira ntchito kapena ayi?

Mayi a Wongani: Ndinali pa ntchito asisi, ndipo abwana anga sanasangalale. Ndakumvani.

Bambo a Tadala: Mwachita bwino kunena, chifukwa mantha amenewa ndi amene amalemba zidziwitso zambiri. Za malipiro, mankhwala ake ndi kulemba ndalamayo pa chidziwitso. Ambiri amabisa, amati tidzakambirana, kenako amayesa kulosera amene angakhutire ndi zochepa poyang'ana ngati ali pa banja. Lembani chiwerengero, amene sichimukwana sabwera, kaya ndi wokwatira kaya ayi. Wosakwatira naye akhoza kukhala akulipirira fizi abale ake atatu, inu simungadziwe. Musanalembe, funsani ku leba malipiro otsikitsitsa amene boma lalengeza panopa, chifukwa amasinthasintha.

Za kutumika, lembani kuti adzayang'aniridwa ndi mwini shopu, ndipo mu intavyu mukhalepo inuyo. Wosafuna bwana wamkazi mudzamuona m'mayankhidwe.

Za uchembere, lamulo limapatsa mayi tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi m'zaka zitatu. Kwa bizinesi yaing'ono n'zolemera, sindikana. Koma ndi masabata 8, ndipo mukhoza kukonzekeratu pophunzitsa wa kutsogolo makhadi. Mnyamata wosakwatira wa zaka 25 uja anakutayitsani matumba 14 popanda tchuthi chilichonse. Ndipo musasamutse funsoli kuchoka pa pepala kupita mu intavyu. Kufunsa mkazi kuti muli ndi ana angati, mukuganiza zobereka liti, ndi tsankho lomwelo, langovula yunifolomu.

Chikondi wa ku Chibavi: Muwonjezerepo za kuyezetsa magazi. Malo ena amati bweretsani kalata ya chipatala, ukapita umapeza kuti akufuna zotsatira za HIV.

Bambo a Tadala: Zimenezo n'zoletsedwa, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 silimalola wolemba ntchito wamba kukakamiza munthu kuyezetsa kuti apeze ntchito. Pa ntchito ya sitoko ya hadiweya kalata ya chipatala sindikuona ntchito yake n'komwe. Chithunzinso chotsani mayi. Chimakuuzani khungu, msinkhu, kavalidwe ka chipembedzo, zonse zimene simukuyenera kusankhira. Mudzachifuna pa fayilo ya amene mwamulemba.

NyaMhango: Ndiye ine ku saluni ndizilemba bwanji? Makasitomala anga sangalole mwamuna kuwaluka.

Anaphiri: Ena amalola, kuli anyamata oluka bwino kuposa ife. Lembani masitayelo amene mukufuna munthu azitha, adzaluke mutu umodzi muone.

NyaMhango: Mmm. Ndiganizira. Koma sindikulonjeza.

Mayi a Wongani: Ndakhala pansi ndi Wongani talembanso. Onani:

"PAKUFUNIKA WOSUNGA SITOKO, hadiweya ya ku Luwinga, Mzuzu.

Ntchito zake: kulandira katundu wobwera pa lole ndi kumuwerenga moyerekeza ndi mapepala ake asanasaine, kulemba katundu wolowa ndi wotuluka pa makhadi a sitoko, mitundu pafupifupi 300, kutulutsa katundu kwa makasitomala malinga ndi risiti, kuyang'anira aganyu awiri otsitsa ndi kukweza katundu, kuwerenga simenti, malata ndi penti Loweruka lililonse pamodzi ndi mwini shopu, ndi katundu yense kumapeto kwa mwezi, kudziwitsa mwini shopu katundu akatsala pang'ono. Kunyamula katundu wolemera si mbali ya ntchitoyi, koma imafuna kukhala panja nthawi imene lole ikutsitsa.

Nthawi: Lolemba mpaka Lachisanu 7:30 mpaka 4:30, Loweruka 7:30 mpaka 12:30. Adzayang'aniridwa ndi mwini shopu.

Zofunika: zaka 18 kapena kuposa; MSCE yokhala ndi masamu; chaka chimodzi akusunga katundu kapena kulemba za katundu pa malo alionse; kutha kuthandiza makasitomala m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chifukwa ambiri ndi olankhula zilankhulozi; anthu awiri amene anamuyang'anirapo pa ntchito oti tiwafunse.

Zowonjezera mwayi: kudziwa katundu wa zomangamanga, kudziwa Excel.

Aliyense wokwaniritsa zimenezi afunsire, amayi ndi anthu aulumali akulimbikitsidwa."

Pansi pake ndiika malipiro, tsiku lotsekera ndi kumene asiye makalata. Chitumbuka ndachisiya pa zofunika, bambo a Tadala mundikhululukire.

Bambo a Tadala: Palibe chokhululukira, mwalemba chifukwa chake. Chasintha kwambiri. "Zina zonse zimene angauzidwe" mwachita bwino kuchotsa, mawu amenewo ndi amene amafikitsa wa sitoko kokatenga ana kusukulu, kenako mkangano ku leba. Mukafuna kusiya mpata lembani "ndi ntchito zina zokhudza sitoko".

Ndili ndi zitatu zazing'ono. Maola anu, mukachotsa ola la nkhomaliro, ndi 8 pa tsiku kasanu, 40, kuphatikiza 5 a Loweruka, 45. Malire a lamulo ndi 48 pa sabata, ndiye muli mkati. Koma malole ochokera ku Lilongwe safika pa nthawi, mvula ikagwa ku Chikangawa mumadziwa nokha. Ngati munthu adzatsala mpaka 7 usiku kudikira kutsitsa, nenani kuti nthawi zina zimachitika ndipo ovataimu imalipiridwa. Mayi wa mwana wamng'ono kapena munthu wokhala kutali ngati ku Dunduzu adziwiretu, asankhe yekha. Kumeneko ndiye kunena chosowa chanu popanda kulemba kuti "wopanda ana" kapena "wokhala pafupi".

Chachiwiri, MSCE. Dzifunseni ngati munthu wa JCE amene wasunga sitoko ya holoselo zaka 6 mungamukane. Ngati simungamukane, lembani "MSCE, kapena zaka zitatu pa ntchito yotereyi". Chilichonse chimene mwaika pa zofunika mukuyenera kuchitsata kwa onse. Mukachiphwanyira mwana wa mnzanu, amene munamukana chifukwa chosowa pepalalo ali ndi pokudandaulirani.

Chachitatu, yeserani ntchito yeniyeni. Konzani khadi imodzi ya simenti: zotsala 120, zalowa 200, marisiti asanu otuluka, limodzi mulilembe molakwika dala. Onse apatseni khadi yomweyo ndi mphindi zofanana, ndipo mapepalawo musunge. Wina akadzati munandisiya chifukwa ndine wakutiwakuti, mutulutsa khadi yake ndi ya amene munamutenga. Khoti loona milandu ya ntchito lili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, anthu safunikanso kupita kutali kuti akadandaule.

Aphunzitsi opuma: Ine ndaona vuto lina. Mwachotsa "Mkhristu" koma mwalemba Loweruka. Wa Sabata mwamuchotsa mwakachetechete. Mdzukulu wanga ndi wa Sabata, masamu amakhoza kwambiri, pamenepa sangafunsire.

Mlongo wa ku Masasa: Eya, ndi tsankho limenelo. Chotsani Loweruka.

Mayi a Wongani: Ndichotse bwanji Loweruka pamene ndi tsiku limene amisiri amagula kwambiri? Ndikabisa, munthu adzayamba ntchito Lolemba, Lachisanu n'kundiuza kuti mawa sindibwera.

Bambo a Tadala: Musachotse. Maola enieni a shopu ndi zoona za ntchito, kuwabisa ndiye kulakwira onse. Cholakwika chikanakhala kulemba kuti "a Sabata asafunsire". Koma aphunzitsi aloza chinthu chenicheni: lamulo lofanana kwa onse likhoza kugwetsa gulu limodzi lokha. Ndiye funso ndi loti Loweruka ndi la wa sitoko yekhayekha kapena wina angagwirepo. Msilamu wopempha ola limodzi Lachisanu masana ndi nkhani yosavuta, amasinthana ndi nthawi ya nkhomaliro. Loweruka lonse pa shopu ya anthu anayi n'zolemerapo.

Chikondi wa ku Chibavi: Kuwerenga kwa sabata kukhoza kupita Lachisanu masana. Chotsala ndi kutulutsa katundu maola asanu a Loweruka.

Mayi a Wongani: Maola asanu amenewo ndi amene kumatuluka simenti yambiri, ndipo makiyi a kuseri sindikufuna azigwira anthu awiri. Zikasowa aliyense aziloza mnzake, ndinaziona kale. Pokhapokha Loweruka ndiziima kuseri ndekha, Wongani akhale pa kauntala. Zitheka miyezi imene ali pa holide, akatsegulira sindikudziwa.

Aphunzitsi opuma: Ndiye mdzukulu wanga alembe kalata kapena asalembe?

Mayi a Wongani: Alembe aphunzitsi, anene za Sabata m'kalatamo. Khadi ya simenti ija akaikhoza kuposa onse tidzakhala pansi tione za makiyi. Gift nawenso bweretsa, koma chaka chimodzi cha sitoko uli nacho?

Gift wa kabaza: Ndinkalemba matumba pa chigayo cha amalume ku Ekwendeni zaka ziwiri. Chimawerengedwa?

Bambo a Tadala: Mwalemba nokha mayi kuti "pa malo alionse". Koma Gift, umboni usakhale wa amalume okha, peza wina amene si m'bale wako.